Kalata ya apilo yodalira masiku

Pulogalamu ya Turnitin ikanena kuti asayinimenti yafanana ndi ina pa 62 peresenti, sikuti yanena amene wabera mnzake. Imangoyerekeza mawu ndi zomwe zili kale m'nkhokwe yake, kuphatikizapo ntchito za ophunzira ena. Amene wapereka mochedwa ndiye amaoneka wakuba, ngakhale atakhala mwini ntchitoyo.

Izi ndi zomwe zinagwera mdzukulu wanga, amene amaphunzira mbiri yakale pa yunivesite ina. Analemba za kusamuka kwa mishoni ya Livingstonia, kuchoka ku Cape Maclear kumene inayambira mu 1875, kupita ku Bandawe mu 1881, mpaka Dr Robert Laws kuikhazika kuno ku Khondowe mu 1894. Mnzake wina anabwereka fulashi yake, n'kupereka ntchito yofanana kutatsala masiku awiri kuti iye apereke. Mtsikanayu anapatsidwa ziro. Kalata yopita ku komiti yoona madandaulo tinaikonzera limodzi kuno kwathu, ndipo ndikufotokoza m'mene tinaiyalira chifukwa ophunzira ambiri amalemba masamba atatu olumbira kuti iwo ndi opemphera ndipo sangabe. Komiti ilibe njira yoyezera malumbiro. Masiku ndiwo ingathe kuyeza.

Kalatayo inali ya tsamba limodzi, m'Chingerezi. Ndime yoyamba inatchula phunzirolo, mutu wa asayinimenti, tsiku limene analandira chigamulo, ndi pempho limodzi lokha: kuti ntchitoyo ichongedwe ngati yake. Ndime yachiwiri inati: "Ndikuvomereza kuti ntchito ziwirizi zikufanana. Chimene ndikutsutsa n'chakuti ine ndiye ndinakopera. Ndaphatikizapo madirafuti anayi, kuyambira A mpaka D, osonyeza m'mene ntchitoyi inakulira."

Pa madirafutiwa m'pamene pagona nkhani, chifukwa masiku ena ndi olimba kuposa ena. Mu Word, mukapita pa File kenako Info, mumaona Created ndi Last Modified. Koma masikuwa amachokera pa wotchi ya laputopu, yomwe aliyense angathe kuibweza m'mbuyo, ndipo wa m'komiti wodziwa makompyuta adzanena zimenezo. Komanso mukatsegula dirafuti yakale n'kuisunganso, Last Modified imasanduka ya lero, umboni n'kuonongeka. N'chifukwa chake ndinamuletsa kukonza ngakhale kadontho m'mafayilo akalewo.

Tsiku lolimba ndi lomwe linalembedwa ndi makina a anthu ena. Mwamwayi mtsikanayu anali atanditumizira dirafuti B pa imelo kuti ndimuonere, kutatsala masabata atatu kuti apereke, ndipo tsiku la imelo sangalisinthe yekha. Olembera mu Google Docs ali ndi mwayi woposa, pakuti File kenako Version history imaonetsa ntchito ikukula tsiku ndi tsiku. Kwa amene amalemba popanda intaneti posunga bandulo, kudzitumizira fayilo pa imelo kamodzi pa sabata kumakwanira.

Koma umboni umene ndinaukonda kwambiri sunali wa makina. Mu dirafuti B mdzukulu wanga anasokoneza zaka, n'kulemba kuti Laws anafika ku Khondowe mu 1881. Ndinamuyankha pa imelo pomwepo kuti chimenecho ndi chaka cha ku Bandawe, ndipo mu dirafuti C anakonza n'kuika 1894. Pa fulashi ija panali dirafuti B. Choncho m'kalatamo analemba kuti: "Ndikupempha komiti ione ndime yachitatu ya ntchito inayo. Ngati ikunena 1881, ndiye kuti inachokera ku dirafuti yanga B, imene ndinaikonza pambuyo pake." Sanatchule mnzakeyo kuti wakuba, pakuti ntchito yakeyo anali asanaione. Anangosonyeza komiti poyang'ana.

Za fulashi sanabise. Masukulu ambiri amalanganso wopereka ntchito yake kwa mnzake mwadala, ndiye anafotokoza tsiku limene anabwereketsa, ndi kuti mnzakeyo anati akukasindikiza manotsi. Nkhani yotere ikatulukira pakamwa pa wina, madirafuti onse aja amasanduka umboni wakuti munagwirizana.

Pomaliza anadzipereka kufunsidwa pamaso pa komiti, popanda pepala m'manja: chifukwa chake malungo anathamangitsa amishoni m'mbali mwa nyanja, mabuku amene anawerenga, ndi chimene anachotsera ndime ina yonena za Overtoun Institution pakati pa C ndi D. Kalatayo anaipereka m'masiku amene buku la malamulo a sukulu yake limalola, ndipo anapempha kuti pa kope yake adindepo chidindo cha tsikulo. Komiti yamuitana sabata yamawa, yati abwere ndi laputopu yomweyo.