Kusankha Tsiku Lobweza Ngongole ya Zipangizo za Ulimi

Ngongole ya feteleza ndi mbewu imabwezedwa ndi ndalama zochokera m'munda momwe zipangizozo zalowa. Pa chifukwa ichi, tsiku lobweza liyenera kugwa pamene mlimi wagulitsa zokolola ndipo ndalama zili m'manja. Kukolola ndi kulandira ndalama ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pakati pake pamadutsa mwezi umodzi kapena iwiri.

M'madera ambiri a Malawi chimanga chimadzalidwa ndi mvula yoyamba, kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Mbewu zambiri za haibridi zimakhwima pakatha miyezi inayi kapena isanu, ndiye kuti cha mu Epulo. Koma chimanga chokhwima sichinafike pogulitsa. Chimayamba chadulidwa ndi kuimikidwa m'mikukwe, kenako kukolola, kututa, kutong'ola ndi kuyanika mpaka njere izilira "khe" poiluma. Ntchito zimenezi zimatha mu Meyi kapena mu Juni. Ogula ena amatenga katundu n'kudzalipira pambuyo pake, choncho mwezi wabwino kulemba pa pangano la ngongole ndi Julayi kapena Ogasiti.

Chinanso ndi mtengo. Nthawi yokolola aliyense amakhala akugulitsa, mavenda amatchera masikelo m'midzi, ndipo mtengo umatsika kwambiri. Kawirikawiri umayamba kukwera miyezi yotsatira mpaka kufika pachimake mu Januwale ndi Febuluwale. Mlimi amene ngongole yake ikutha mu Epulo alibe mpata wodikira. Amangogulitsa pa mtengo uliwonse umene wapeza.

Komabe mwezi uliwonse wowonjezera uli ndi chiwongoladzanja chake, ndiye pamafunika kuwerengera. Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mlimi wakongola K300,000 kumayambiriro kwa Novembala, pa chiwongoladzanja cha K4 pa K100 iliyonse pamwezi, chowerengedwa pa ndalama zoyambazo. Mwezi uliwonse ngongoleyo ikubala K12,000. Akabweza kumapeto kwa Epulo, patatha miyezi 6, alipira K372,000. Akabweza kumapeto kwa Julayi, patatha miyezi 9, alipira K408,000.

Ngati thumba la makilogalamu 50 likugulidwa K25,000 mu Epulo, pafunika matumba 15 kuti ngongole ithe. Ngati mu Julayi lafika K32,000, pafunika matumba 13 okha, ngakhale ngongole yakula ndi K36,000. Kudikirako kwasiya matumba awiri m'nyumba. Koma mtengo ukangofika K27,000, matumba 15 sakwananso kubweza K408,000, ndipo pamwamba pake pali ndalama za mankhwala oteteza chimanga ku anankafumbwe. Pa chitsanzochi, kudikira kumapindula pokhapokha mtengo utakwera kupitirira K10 pa K100 iliyonse. Ndiye pangano labwino ndi limene likupereka nthawi mpaka Julayi, koma likulola kubweza msanga popanda chindapusa, chiwongoladzanja n'kuima pa tsiku lobwezalo.

Kabwezedwe kake nakonso n'kofunika kukayang'ana. Ngongole zambiri za mabizinesi ang'onoang'ono zimabwezedwa sabata ndi sabata kapena mwezi ndi mwezi kuyambira pomwe zatengedwa. Zimenezi zimayenera wogulitsa mandasi, amene ndalama zimamulowera tsiku ndi tsiku. Kwa mlimi wa chimanga, magawo oyamba amagwa mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe yatha ndipo munda ukufuna kupalira ndi kubandira. Yomuyenera ndi ngongole yobweza kamodzi pamapeto, kapena yokhala ndi miyezi yopumira. Asanasaine, afunse ngati chiwongoladzanja chimawerengedwa m'miyezi yopumirayo, chifukwa nthawi zambiri chimawerengedwa ndithu.

Tsiku lotenga ngongole nalo lili ndi malire. Kuitenga mu Ogasiti n'kulipirira miyezi imene feteleza angokhala m'nyumba, pokhapokha ngati mtengo wake ukukwera mofulumira kuposa chiwongoladzanja. Kuilandira mu Januwale n'kuchedwa, popeza feteleza wokulitsa amathiridwa podzala kapena mbewu zitangomera, ndipo wobereketsa amatsatira pakangopita masabata ochepa. Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala ndiyo nthawi yoyenera.

Alimi a fodya amene amalima pa mgwirizano ndi makampani amabweza mwa njira ina: ngongole imadulidwa pa ndalama za mabelo akagulitsidwa ku okushoni, motero tsiku lobweza limayendera limodzi ndi malonda. Mlimi wa chimanga, soya kapena mtedza amene wakongola ku bungwe kapena kubanki m'khonde amayenera kudzikonzera yekha dongosolo lotere.

Zizindikiro zoti tsiku lobweza linalakwika zimaoneka msanga: kugulitsa chimanga chachiwisi, kugulitsiratu mbewu zili m'munda, kugulitsa mbuzi, kapena kutenga katapila kuti atseke ngongole yoyamba. Mvula ikachedwa ndipo kudzala kwasunthira kumapeto kwa Disembala, kukolola nako kumasuntha. Zikatero mlimi akakambirane ndi wobwereketsa nthawi yomweyo, ndipo tsiku latsopano lilembedwe pa pepala tsiku lakalelo lisanakwane.