Kupeza nambala pomwe mizere iwiri yakumana mu Excel

Amene amalemba za malonda pakompyuta amafunsidwa kawirikawiri mafunso ngati ili: kodi sopo tinagulitsa makatoni angati mu Febuluwale? Yankho limakhala pomwe mzere wopingasa wa sopo wakumana ndi mzere wotsika wa mweziwo. Tebulo likakula, kulondola ndi chala kumasokeretsa. Apa m'pamene INDEX ndi MATCH zimathandiza.

Tiyerekeze kuti mayina a katundu ali mu A2 mpaka A5: shuga, mchere, sopo, mafuta. Miyezi ili pamwamba, B1 mpaka D1: Januwale, Febuluwale, Malichi. Manambala a makatoni adzaza B2 mpaka D5. Mu F1 mulembe dzina la katundu amene mukumufuna, mu F2 mwezi, kenako mu F3 muike fomula iyi:

```
=INDEX(B2:D5,MATCH(F1,A2:A5,0),MATCH(F2,B1:D1,0))
```

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti MATCH sabweretsa makatoni ayi. Iye amangowerenga kuti chinthucho ndi chachingati pamndandanda. Sopo ndi wachitatu, ndiye MATCH woyamba apereka 3. Febuluwale ndi wachiwiri, winayo apereka 2. INDEX amatenga manambala awiriwa, n'kutsika mizere itatu kuyambira pa B2, n'kulowera kumanja iwiri, n'kufika pa C4. Ngati pamenepo pali 48, F3 ionetsa 48. Mukasintha F2 kukhala Malichi, yankho lisintha lokha. Wa mzere wopingasa ndiye amayamba nthawi zonse.

Ziro ali kumapeto kwa MATCH uja musamusiye. Amatanthauza kuti dzina lifanane ndendende. Popanda iye, Excel amaganiza kuti mndandanda unasanjidwa motsatira alifabeti, ndipo atha kukupatsani katundu wina.

Mukaona #N/A, ndiye kuti dzinalo silinapezeke. Nthawi zambiri pamakhala kampata kosaoneka kamene kanatsalira kumapeto kwa liwu, kapena mu F1 mwalemba "sopu". Vuto limeneli n'lopepukirapo poti limadzionetsa lokha.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi cholakwa chobisala. Munthu akamakoka mausi, n'kosavuta kuphatikiza mutu wa tebulo, n'kulemba A1:A5 m'malo mwa A2:A5. Zikatero sopo amasanduka wachinayi, pamene INDEX akuwerengabe kuyambira pa B2. Afika pa C5, n'kukupatsani makatoni a mafuta ngati a sopo. Palibe chenjezo lililonse, nambala imaoneka yabwinobwino, ndipo mwini golosale atha kuoda katundu potengera nambala yolakwika. Mndandanda wa mayina uyenera kuyambira ndi kuthera pa mizere yomweyo imene manambala ayambira ndi kuthera. Miyezinso chimodzimodzi.

Pali njira yachidule yogwirira cholakwachi. Mukangomaliza fomula, yesani katundu womaliza ndi mwezi womaliza, pano mafuta ndi Malichi. Ngati mizere yasemphana mwanjira ija, patuluka #REF!, chifukwa INDEX wauzidwa kutsika mizere isanu pomwe ilipo inayi. Yesaninso shuga ndi Januwale, ndipo mayankho onse awiri muwayerekeze ndi zimene maso anu akuona mu D5 ndi B2 musanapereke lipoti kwa abwana.