Kolugeti ndi wa mano: zochita munthu akapsa kapena kutemeka pakhomo

Mu Juni ndi Julaye, mbaula ikalowa m'nyumba ndipo ana akamawothera moto pafupi ndi mafuwa, anamwino a ku wodi ya anthu opsa ku chipatala cha Gulupu mu Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe amadziwa kuti ntchito yachuluka. Ambiri mwa odwala awo ndi ana aang'ono omwe atayikiridwa phala, tiyi kapena madzi osamba. Pakati pa akuluakulu pamapezeka odwala khunyu omwe agwera pamoto. Kawirikawiri namwino asanaone kukula kwa bala amayamba wachotsa zomwe achibale apakapo: kolugeti, dzira laliwisi, mafuta ophikira, nthawi zina ndowe kapena masamba osinja.

Tiyerekeze mwana wa zaka ziwiri wakoka poto wa phala, phala lamuthira pa mkono ndi pachifuwa. Phala ndi loipa kuposa madzi chifukwa limamata, ndiye limapitiriza kuwotcha mwana atachoka kale pamoto. Choyamba mayi achotse phalalo pothira madzi, amuvule malaya onyowawo, achotsenso mkanda, chibangili kapena chingwe chilichonse cha pa mkono chifukwa mkono utupa posachedwa. Nsalu ikamatirira pakhungu, makamaka ya nayiloni, asaikoke. Adule mozungulira, yomatayo akachotse a chipatala.

Kenako ndi madzi, kwa mphindi 20. Apa ndi pomwe ambiri amalephera, chifukwa mphindi 20 mwana akulira, anansi akukuwa kuti "mupakeni dzira!", zimatalika ngati ulaliki wa pamaliro. Koma khungu limasunga kutentha mkati ngakhale pamwamba pataoneka pozizira, ndipo madziwo ndi omwe amaletsa kuti bala lisazame. Komwe kulibe mpopi, wina aike beseni pansi, azitunga ndi kapu mu ndowa n'kumathira pang'onopang'ono, wina athamangire ku mjigo kukatunga ena. Madzi akhale ozizira wamba. Ayezi ndi madzi a mufiriji amafinya timitsempha ta magazi n'kuwonongeratu khungu lomwe likanapola. Ngati anthu anasokonezeka n'kuiwala, kuthira madzi kumathandizabe malinga sipanadutse maola atatu.

Pali msampha umodzi. Mwana wamng'ono amazizidwa msanga, ndipo kumumiza thupi lonse m'beseni m'mawa wa Julaye kungamuike pa ngozi ina. Madzi apite pa bala pokha, kwina konse afunditsidwe chitenje chouma. Akayamba kunjenjemera kwambiri, kuthira kulekeke.

Chifukwa chiyani kolugeti ndi dzira zili zoletsedwa, pomwe agogo amati zimaziziritsa? Kuzizira kwa kolugeti ndi kwa pakhungu chabe, kutentha kwa mkati sakuchotsa, ndipo akauma amakakamira pa bala moti kumuchotsa kumapweteka koopsa. Mafuta amatsekera kutenthako. Dzira laliwisi, dothi ndi ndowe zimaika tizilombo pamalo pomwe khungu, lomwe ndi chitetezo cha thupi, lachoka. Matuza nawonso asaphulitsidwe ndi singano kapena minga, popeza chikopa chotukukacho chikuphimba bala. Chofunika ndi kuphimba mosamanga ndi nsalu yoyera yochapa, yabwino kwambiri ikhale yosita, kapena jumbo yatsopano ngati papsa ndi padzanja. Thonje ayi, limasiya ubweya m'chilonda. Panado wa mulingo wa msinkhu wake amachepetsa ululu, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa.

Tsopano funso ndi lakuti, apite kuchipatala kapena ayi? Azaumoyo amayeza ndi dzanja la wopsayo: chikhatho pamodzi ndi zala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a khungu lonse. Mwana wathu uja, ngati papsa pakukwana zikhatho zake zinayi, za iye mwini osati za mayi ake, nkhani yokhala pakhomo palibe. Bala lalikulu limataya madzi a m'thupi, ndipo mwana akhoza kufooka n'kusiya kukodza mkati mwa maola ochepa. Kunena zoona, mwana wosakwana zaka zisanu akatuluka matuza ndi bwino aonedwe basi. Wamkulu angadzisamalire yekha ngati bala ndi laling'ono kuposa chikhatho chake ndipo langofiira kapena lili ndi tuza laling'ono.

Malo opsawo amaposa kukula pa kufunika. Nkhope, manja, mapazi, kumaliseche ndi molumikizira mafupa monga chigongono ndi bondo, zonsezi n'zakuchipatala ngakhale bala lichepe, chifukwa chipsera chikamauma chimakoka khungu, zala n'kumatana kapena mkono n'kukanika kutambasuka. Chimodzimodzi bala lozungulira mkono kapena mwendo wonse, kupsa ndi magetsi, komwe kumawononga mkati kunja kukuoneka kadontho, ndi kupsa ndi asidi wa batire. Yemwe anatsekeredwa mu utsi, mawu asasa, m'mphuno muli mwaye, atengedwe nthawi yomweyo chifukwa kukhosi kungatupe mpaka kubanika.

Ndipo chomwe chimapusitsa ambiri n'chakuti bala loyera mbuu kapena lakuda, louma ngati chikumba, lomwe mwini wake akuti silikupweteka, ndiye loopsa kwambiri. Silipweteka chifukwa mitsempha yomvera ululu yapsera limodzi.

Kutemeka kuli ndi lamulo lake lalifupi. Mnyamata wadzitema ndi chikwanje pa mwendo akusadza nkhuni: wina atenge nsalu yoyera, akanikize pa bala mwamphamvu kwa mphindi 10, wovulalayo atagona ndipo mwendo utakwezedwa. Cholakwika chofala ndi kusuzumira mphindi iliyonse kuti aone ngati magazi asiya, zomwe zimasokoneza kuundana komwe kunayamba. Nsalu ikanyowa, ina isanjikidwe pamwamba, yoyambayo isachotsedwe. Wothandizayo asambe m'manja, ndipo ngati magolovesi palibe avale jumbo, poti magazi a wina sagwidwa ndi manja. Galasi kapena chitsulo chikatsalira mkati mozama chisazulidwe. Akanikize m'mbali mwake n'kunyamuka.

Magazi akaleka, bala litsukidwe ndi madzi ambiri aukhondo mpaka mchenga wonse utuluke, sopo azungulire m'mbali. Mchere wouma, shuga, fodya, mafuta a galimoto ndi ufa wakuda wa m'mabatire a tochi zilibe malo pamenepo. Akamanga ndi bandeji kapena nsalu yoyera, azisintha tsiku ndi tsiku.

Bala lomwe likutulukabe magazi patatha mphindi 10 zokanikiza, lomwe magazi ake akuthovoka motsatira kugunda kwa mtima, loyasama moti mafuta achikasu kapena mnofu zikuoneka, kapena lomwe lasiya chala chitachita dzanzi kapena chosapindika, likufuna dokotala tsiku lomwelo. Kusoka kumayenda bwino m'maola asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu oyambirira. Wodikira kuti "tione mawa" angakapeze kuti bala silingasokedwenso. Kulumidwa ndi galu n'kwina: kutsuka ndi sopo mphindi 15, kenako kuchipatala kukalandira katemera wa chiwewe, ngakhale mano angokanda.

Kabala ka msomali kapena khasu kamaoneka kachabechabe, koma tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe ndipo timakonda mabala akuya, opapatiza. Amayi ambiri anabayitsa katemera wake kusikelo, pomwe abambo ambiri anamaliza kubayidwa ali makanda. Yemwe sakukumbukira kapena papita zaka zoposa zisanu, bala lili lauve, apite ndi buku lake lakuchipatala akaonedwe. Kupsa nakonso kumalowetsa kafumbata.

Ngakhale bala losamalidwa bwino liyenera kuyang'aniridwa masiku otsatira. Ululu ukamakula m'malo mochepa, kufiira kukamafalikira, pakatuluka mafinya kapena fungo, mwanabele akatupa m'khwapa kapena m'mphechepeche, thupi likatentha, ndiye kuti tizilombo talowa ndipo pakufunika mankhwala a kuchipatala, osati makapusozi a pa golosale othira pachilonda. Odwala shuga asadikire n'komwe zizindikirozi, makamaka bala likakhala kuphazi. Ndipo kupsa komwe sikunapole pakatha sabata ziwiri kumakhala kozama kuposa momwe kunkaonekera, mwina kofunika kuti madokotala atenge khungu pantchafu n'kuikapo.