Kuwerengeratu nthawi ndi mtengo wa maulendo a galimoto

Kumafamu a fodya ozungulira Karoi ndi Chinhoyi, kumene kuli ana ambiri a Amalawi, thiraki imapita ku Harare kangapo misika ya fodya ikatsegulidwa. Ndimadandaula ndikaona kalaliki akuwerengera ulendo uliwonse pamanja, pomwe Excel angathe kumaliza ntchitoyo kamodzi.

Ine ndimaika makilomita m'danga B, liwiro mu C, ndipo malita a dizilo amene galimoto imamwa pa makilomita 100 mu D. Mtengo wa lita ndimaulemba kamodzi kokha, mu H1. Nthawi imatuluka mu E, mtengo wa dizilo mu F.

```
E2: =B2/C2/24
F2: =B2*D2/100*$H$1
```

Kuchoka ku Karoi kukafika ku Harare ndi makilomita pafupifupi 200. Tiyerekeze kuti liwiro ndi 50: ndi maola 4. Tikati malita ndi 30 ndipo lita ndi $1.50, dizilo wake ndi malita 60, ndalama zake $90. Pa ulendo wopita ndi kubwera, lembani 400 mu B.

Timagawa ndi 24 chifukwa Excel amawerenga tsiku lathunthu ngati 1. Danga E mulipatse maonekedwe a `[h]:mm`, chifukwa ndi `h:mm` wamba mukaphatikiza maola 30 mudzangoona 6:00.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi zizindikiro za $. Mukaziiwala n'kukokera fomulayo m'munsi, H1 imasanduka H2, momwe mulibe kanthu, ndipo maulendo otsatirawo amaoneka ngati aulere. Mukaona ziro ali mndandanda, yambani mwayang'ana pamenepo.