Mapepala awiri okumana pa kadontho kokha

Mapepala awiri osalala, otambasuka kopanda malire, akadutsana m'chipinda amakumana pa mzere. M'malo a mbali 4, momwe kadontho kalikonse kamadziwika ndi manambala 4, zimasintha.

Titenge U, timadontho tonse ta (a, b, 0, 0), ndi W, ta (0, 0, c, d). Kadontho kopezeka konsekonse ndi ziro kokha, koma tikaphatikiza ta U ndi ta W timadzaza malo onse. Lamulo la Grassmann likuti:

dim(U+W) = dim U + dim W − dim(U∩W)

Apa 4 = 2 + 2 − 0. W akakhala (0, b, c, 0), onse agawana mzere umodzi. Ophunzira ambiri amauwerenga kawiri n'kupeza 4, pomwe yankho ndi 3, poti nambala yachinayi imangokhala ziro.