Kuyatsa pampu ya ku Lilongwe uli ku Joni, geti la intaneti lili chitsekere

Tiyerekeze kuti mayi wina amagwira ntchito ku Joni ndipo anamanga nyumba ku Area 25 ku Lilongwe. Panyumbapo pali thanki, pampu ya madzi, magetsi a panja ndi kamera yoyang'ana pageti. Zonsezi amazilamulira ndi kabokosi kamodzi, kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi, momwe muli pulogalamu ya Home Assistant. Pulogalamu imeneyi ndi yaulere, ndipo anaiyambitsa ndi Paulus Schoutsen mu 2013. Kabokosiko ndi ngati kapitawo wa pakhomo: kamamva kuti thanki yaphwa, n'kuuza pampu kuti iyambe, ndipo dzuwa likalowa kamayatsa magetsi a panja.

Mayiyu akakhala pakhomo palibe chovuta. Foni yake ndi kabokosiko zili pa rauta imodzi, ndiye amangolemba adiresi monga `http://192.168.8.20:8123`, tsamba n'kutseguka. Akangotuluka pageti, adiresiyo imasiya kugwira ntchito. Maadiresi oyamba ndi 192.168 ndi a m'kati mwa nyumba basi, ngati dzina la pakhomo limene anthu a kutali salidziwa. Komanso rauta ili ndi khalidwe limodzi labwino: imalola za m'nyumba kutuluka kukafunsa zinthu pa intaneti ndi kulandira mayankho, koma mlendo wobwera osaitanidwa imamubweza.

Anthu ambiri akafika apa amachita chinthu chimene ine ndimachiopa kwambiri. Amalowa mu rauta, n'kupeza pomwe palembedwa kuti Port Forwarding, n'kuiuza kuti aliyense wogogoda pakhomo nambala 8123 azimupititsa kwa kabokosi kaja. Zimagwiradi ntchito, ndipo n'chifukwa chake zimakopa. Koma khomo limenelo silisankha nkhope. Likatsegukira mwini nyumba, latsegukira dziko lonse.

Wina angati, ndani angadziwe za kanyumba kanga? Vuto ndi lakuti safunika kukudziwani. Maadiresi a intaneti a mtundu wa IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni, ndipo mu 2013 akatswiri a pa yunivesite ya Michigan ku Amereka anaonetsa pulogalamu ya ZMap yomwe imatha kugogoda pa maadiresi onsewo pasanathe ola limodzi. Palinso Shodan, yomwe ntchito yake ndi kusunga mndandanda wa zipangizo zimene zapezeka zili poyera. Ogogoda ndi makina, ndipo satopa usiku kapena usana. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera ndi marauta miyandamiyanda pongoyesa mapasiwedi amene zipangizozo zinabwera nawo kuchokera kufakitale.

Pasiwedi yamphamvu imathandiza, koma siyitseka zonse. Mu Malichi 2023 opanga Home Assistant analengeza kuti papezeka chiboo, cholembedwa kuti CVE-2023-27482, chomwe chinkalola munthu kufika m'chipinda cholamulira pulogalamuyo popanda pasiwedi n'komwe. Anachitseka, koma taganizani amene anali pangozi yaikulu: aja amene kabokosi kawo kanali kofikika kuchokera kunja. Amene analibe khomo lotseguka, wakuba wa kutali analibe pogwira.

Njira yabwino imatembenuza nkhani yonse. M'malo moti wakunja alowe, kabokosi ka m'nyumba ndi kamene kamatuluka, n'kukakumana ndi foni ya mwini wake, ziwirizo n'kumalankhulana m'njira yobisika imene pa sikirini imatchedwa VPN. Intaneti ikugwirabe ntchito yonyamula uthenga, musamve ngati yachotsedwa. Chasintha ndi chakuti uthengawo ndi wokhomedwa ndi makiyi, ndipo palibe tsamba la Home Assistant limene mlendo angalione kuti ayambe kuyesa mwayi.

Maziko a njira imeneyi masiku ano ndi WireGuard, yomwe anailemba Jason Donenfeld, ndipo inalowa mu Linux mu 2020. Chipangizo chilichonse chimakhala ndi makiyi awiri, wina wachinsinsi amene sachoka m'chipangizocho, wina woti n'kupatsa anzake. Chimene ndimaikondera WireGuard ndi kukhala chete kwake: ikalandira uthenga wosakhomedwa ndi kiyi amene ikumudziwa, siyankha kalikonse, ngakhale kunena kuti mwalakwitsa. Wogogodayo amangoona ngati palibe munthu.

Munthu akhoza kuika WireGuard yekha pakhomo, koma zimafuna kutsegula khomo limodzi pa rauta, kawirikawiri UDP 51820, ndiponso kuti nyumbayo ikhale ndi adiresi yakeyake pa intaneti. Apa ndi pamene nyumba ya ku Area 25 ija imagwa mphwayi. Ngati intaneti yake imabwera kudzera pa simu kadi ya mu rauta, mwachidziwikire ilibe adiresi yakeyake. Maadiresi a IPv4 anachepa, ndiye makampani a foni amagawira makasitomala ambiri adiresi imodzi, njira yomwe imatchedwa CGNAT. Zili ngati nyumba zambiri za lendi mumpanda umodzi, geti n'kukhala la eni malo. Mukhoza kutsegula chitseko cha chipinda chanu, koma wakunja sakufikani.

Kudziwa ngati muli mumpanda wotere n'kosavuta. Lowani mu rauta yanu muone pomwe palembedwa WAN IP. Kenako funsani pa intaneti kuti adiresi yanu ikuoneka yotani kunja. Ziwirizi zikasiyana, kapena ya mu rauta ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, ndiye kuti Port Forwarding singakuthandizeni olo mutaifuna.

Kwa mayi uja, yankho loyenera ndi Tailscale. Iyi imagwiritsa ntchito WireGuard yomweyo, koma imachotsa kufunika kotsegula khomo. Kabokosi ka ku Lilongwe kamatuluka kukauza makompyuta a kampaniyo kuti ndili pano, foni ya ku Joni nayo imatero, kenako kampaniyo imawadziwitsana ndi kuwapatsirana makiyi aja oti n'kugawana. Makiyi achinsinsi amatsala m'zipangizo, choncho kampaniyo siwerenga zimene zikudutsa. Marauta onse awiri amaona ngati chipangizo cha m'nyumba ndi chimene chayamba kulankhula, ndiye amalola mayankho kulowa.

Kuika kwake kumachitika munthu ali pakhomo. Mu Home Assistant mumapita pomwe pamapezeka mapulogalamu owonjezera, n'kuika Tailscale, n'kuiyatsa, n'kulowa ndi akaunti yanu ya Google, Microsoft kapena Apple. Pa foni mumaikanso Tailscale n'kulowa ndi akaunti yomweyo. Chipangizo chilichonse chimalandira adiresi yatsopano yoyamba ndi 100 yomwe siyisintha ngakhale mutasintha simu kadi kapena rauta. Tinene kuti kabokosi kalandira 100.101.102.103. Mu pulogalamu ya Home Assistant ya pa foni, pamalo a adiresi yogwiritsa ntchito muli kunja, mumalemba:

```
http://100.101.102.103:8123
```

Musakwere basi musanayese. Zimitsani wayifayi pa foni, yatsani data, tsegulani Home Assistant, muyatse getsi la pakhonde mukuliona ndi maso. Kenako zimitsani Tailscale pa foniyo n'kuyesanso. Ulendo wachiwiriwu uyenera kukanika, ndipo kukanikako ndi umboni wakuti popanda kiyi palibe polowera. Mukatero bwererani mu rauta mufufute Port Forwarding iliyonse yakale, muzimitsenso UPnP, chifukwa imeneyi imalola makamera ndi zipangizo zina kudzitsegulira makomo osakupemphani.

Pali msampha umodzi umene umagwira makamaka anthu okhala kutali. Tailscale imapatsa chipangizo chilichonse chilolezo chomwe chimatha pakadutsa masiku 180, kenako chimafuna kuti munthu alowenso. Pa foni ndi nkhani yaing'ono. Koma kabokosi kali ku Lilongwe, mwini wake ali ku Joni, patatha miyezi isanu ndi umodzi kamangosowa osatsanzika. Ndiye tsiku loika lomwelo, tsegulani tsamba loyang'anira Tailscale, pitani pa Machines, sankhani kabokosiko, n'kudina Disable key expiry. Chitani zimenezi pa kabokosi kokha, osati pa foni imene ikhoza kubedwa m'minibasi.

Nthawi zina zonse zimalumikizana koma kamera imachedwa, chithunzi n'kumaduka. Kawirikawiri chachitika ndi chakuti zipangizo ziwiri zija zalephera kukumana mwachindunji, zomwe zimachitika kawirikawiri mbali zonse zikakhala pa netiweki ya foni. Zikatero uthenga umadzera pa makompyuta olandirira a kampaniyo otchedwa DERP, ndipo ena mwa iwo ali ku Johannesburg. Umakhala wokhomedwabe, kungoti njira yatalika. Pa kompyuta yomwe ili ndi Tailscale mungafunse motere:

```
tailscale ping 100.101.102.103
```

Yankho likanena `via DERP`, uthenga ukuzungulira. Likaonetsa adiresi ndi nambala ya khomo, zakumana mwachindunji. Poyatsa pampu kusiyanaku simungakuone, chifukwa lamulo loyatsa ndi kauthenga kochepa kwambiri. Kanema wa kamera ndiye amavutika, ndipo amadya bando mbali zonse ziwiri, ya pa foni ndi ya mu rauta ya kunyumba. Ndi bwino kuuza kabokosi kuti kazitumiza chithunzi chimodzi munthu akafika pageti kusiyana ndi kukhalira kuonera kanema.

Ndiyenera kunenanso poyera kuti njira imeneyi imasamutsira ngozi malo ena. Khomo latsekedwa, koma tsopano kiyi wamkulu ndi akaunti ija munalowera. Woba pasiwedi ya akauntiyo akhoza kuwonjezera chipangizo chake pa netiweki yanu. Ikani chitetezo chachiwiri pa akauntiyo, chija chofuna nambala ya pa foni kuwonjezera pa pasiwedi, ndipo pasiwedi ya Home Assistant musaichotse poganiza kuti mpanda wakwana. Foni ikatayika, lowani pa Machines kuchokera pa chipangizo china n'kuichotsa pamndandanda tsiku lomwelo.

Tsiku lina mayi uja adzatsegula foni n'kupeza kuti nyumba siyikuyankha. Asanaganize za akuba, ayang'ane pa Machines nthawi imene kabokosi kanaoneka komaliza. Ngati kanasowa maola atatu apitawo, mwina magetsi azima kapena bando yatha mu rauta, ndipo zonse ziwirizi palibe pulogalamu imene ingazikonze uli kutali. Rauta ndi Raspberry Pi zimadya magetsi ochepa, kotero batire laling'ono kapena sola ya pakhomo ikhoza kuzisunga zili zoyaka kwa maola angapo. Batirelo limatetezanso memori kadi ya kabokosiko, yomwe imawonongeka magetsi akamazima mwadzidzidzi.

Pa chifukwa chomwecho, kuzimitsa pampu kusadalire dzanja la munthu wa ku Joni. Ngati wayatsa pampu kenako netiweki n'kuduka, madzi adzasefukira mpaka wina afike pakhomo. Lamulo lozimitsa lilembedwe m'kabokosi momwemo: thanki ikadzaza pampu izime, ndipo ngakhale choyezera madzi chitawonongeka, izime yokha pakadutsa mphindi zimene zimakwana kudzaza thankiyo. Home Assistant imatsatira malamulo otere popanda intaneti, bola switchi ya pampuyo ikhale ya mtundu wolankhula ndi kabokosi mwachindunji, monga ya Zigbee, osati yodzera pa makompyuta a kampani imene inaipanga.