The Witness: gemu yophunzitsa pakamwa pali chotseka

Mukayamba kusewera The Witness mumapezeka m'kanjira ka mdima, kutsogolo kuli chitseko chokhala ndi kabolodi kowala. Pakabolodipo pali kadontho kakakulu ndi njira imodzi yowongoka. Palibe mawu okuuzani chochita. Mukagwira kadonthoko n'kukoka mzere mpaka kumapeto, chitseko chimatseguka, ndipo phunziro loyamba lathera pomwepo. Gemuyi, yomwe Jonathan Blow ndi anzake a ku Thekla adatulutsa mu Januwale 2016 pa kompyuta ndi pa PlayStation 4, ili ndi zothetsa nzeru pafupifupi 650 pachilumba chopanda anthu, ndipo pafupifupi zonse n'zojambula mzere basi.

Luso lake lagona pa kasanjidwe ka mabolodi. Amawandandalika moyandikana, olumikizidwa ndi chingwe cha magetsi, kotero kuti bolodi lotsatira limayaka pokhapokha mwapambana loyamba. Taonani mmene imaphunzitsira za timabokosi toyera ndi takuda. Bolodi loyamba ndi laling'ono kwambiri, kabokosi kakuda kamodzi, koyera kamodzi. Mukalambalala n'kutisiya mbali imodzi, timaphethira mofiira ndipo mzere umafufutika. Mukadutsa pakati pawo, bolodi lotsatira limayaka. Lomwelo lakulirapo, timabokosi tachuluka, ndiye zomwe munangochita mwamwayi zija muyenera kuzichita mwadala. Pofika kumapeto kwa mndandanda mwadziwa kuti mzere wanu ndi malire, ndipo chigawo chimodzi sichingasunge mitundu iwiri. Zili ngati momwe mwana amadziwira bawo, poonerera ndi kulakwitsa, osati pomva malamulo.

Koma mphunzitsi wosayankhula ali ndi vuto lake: satha kukuuzani kuti yankho mwalondola koma chifukwa chake mwaphonya. Izi zimaonekera bwino ku nyumba za m'mitengo, kumene kuli zizindikiro zooneka ngati nyenyezi. Mabolodi oyambirira amakuonetsani nyenyezi za mtundu umodzi, ndipo mumapambana mukaziika ziwiriziwiri m'chigawo chilichonse. Aliyense amaganiza kuti lamulo ndi lakuti nyenyezi imafuna nyenyezi inzake. Lamulo limeneli limakuyendetsani mtunda ndithu, mpaka mutakumana ndi bolodi lomwe nyenyezi za mtundu wina sizikwanira ziwiriziwiri, koma pambali pali kabokosi ka mtundu womwewo. Apa m'pamene lamulo lenileni limatulukira: nyenyezi imafuna chinthu chimodzi chokha cha mtundu wake m'chigawo chake, kaya ndi nyenyezi, kaya ndi kabokosi. Zikakhala zitatu, zalakwika.

Kwa ine pamenepa ndi pomwe gemuyi imakoma koposa, chifukwa bolodi lokugwetsanilo adaliika dala kuti liswe ganizo lolakwika. Chizindikiro choti muli ndi lamulo losakwanira n'chosavuta: mwajambula mzere womwe mukutsimikiza kuti ndi wolondola, gemu yaukana. Musalimbane ndi bolodilo. Bwererani m'mbuyo, muone mayankho anu akale omwe amakhala akuonekabe, mudzifunse kuti ndi lamulo lina liti lomwe likanawavomereza onse.

Kudambo zinthu sizisalala chonchi. Kumeneko kuli tizithunzi tachikasu tofanana ndi zidutswa za Tetris, ndipo mzere wanu uyenera kuzungulira chigawo chofanana ndi chidutswacho. Zikakhala ziwiri m'chigawo chimodzi, mumaloledwa kuzisanja mulimonse, ngakhale mosinthanitsa malo omwe zajambulidwa. Mfundo imeneyi mabolodi amaidutsa mothamanga, ndipo munthu atha kuwapambana mongoyerekeza, n'kukakakamira kutsogolo asakudziwa chimene adaphonya. Tauni ya pakati pa chilumba nayo imasakaniza zizindikiro za madera onse, koma sikuchenjezani kuti mwafika msanga. Ena amati umenewo ndiye ufulu woyenda kulikonse. Ine ndimaona kuti nthawi ya wosewera ikungotayika.

Cholakwika chachikulu chili kunkhalango, kumene yankho limachokera ku kulira kwa mbalame, mzere n'kumakwera kapena kutsika motsatira mawu ake. Amene samva bwino sangadziwe n'komwe kuti pali choti amvere. Kulinso nyumba ya maluwa yomwe imadalira kusiyanitsa mitundu kudzera m'magalasi ndi kuwala kwa mitundumitundu. Opanga gemu adachepetsako vutoli, poti mwa madera 11 omwe amawalitsa kuwala kwawo kuphiri, 7 okha ndi okwanira kuti mulowe m'phirimo. Komabe wofuna kumaliza zonse amatsekeredwa kunja.

Chodabwitsa n'chakuti gemu yodzitama ndi kukhala chete imabisa timawailesi m'malo osiyanasiyana, momwe mumamveka mawu aataliatali a anthu ngati Albert Einstein. Sitithandiza pa bolodi lililonse, ndipo mungathe kutidumpha osataya kanthu. Chofunika kukhala nacho pafupi ndi pepala ndi pensulo, makamaka mukafika kudambo kuja.